Kankhani ka ana oyamba kuwerenga: ndilembe bwanji kuti asakakamire panjira?

Funso: Ine ndimathandiza ana kuwerenga masana akaweruka kuno kwa Bangula, ambiri ndi a sitandade 2 ndipo kunyumba kwawo amayankhula Chisena. Timabuku tilibe, nde ndikufuna ndilembe ndekha kankhani kakafupi ka Chichewa chophweka, kokhala ndi matanthauzo a mawu kumapeto. Ndiyambire pati, ndipo ndidziwa bwanji kuti mawu sanachuluke?

Yankho: Aphunzitsi, musayambe ndi nkhani, yambani ndi kope lopanda kanthu ndi ana anu omwewo. Lembani pabolodi maphatikizo ophweka aja, ta, la, ko, mi, fu, kenako olemererapo ngati mba, ndi, dzi, bwa, nkha, mpha, ntcha, muziloza mosatsata ndondomeko ndipo muzichonga mukope omwe ana ambiri akuwatchula osaima. Zomwe mwachongazo nde malire anu, nkhani yonse ikhale mkati mwa mpanda umenewo. Ndikunena izi poyamba chifukwa anthu ambiri akamva zoti mawu akhale owerengeka amangoganiza zochepetsa nambala ya mawu, pomwe m'Chichewa chathuchi chomwe chimagwetsa mwana kwambiri ndi kapangidwe ka mawuwo. Mawu akuti mtsinje mwana aliyense wa ku Chikwawa ndi Nsanje amawadziwa pakamwa, koma papepala ali ndi m woima payekha, ts, kenako nj, zitatu zolemera m'mawu amodzi aafupi. Pomwe mawu akuti anapita ali ndi maphatikizo ambiri kuposa mtsinje koma mwana amangotsetsereka nawo, a-na-pi-ta, basi wadutsa.

Ndakulemberani kankhani kuti tizikambirana tikuona chinthu chenicheni. Ndaganizira ana omwe maphatikizo a lembo limodzi ndi lembo la liwu akuwatha, komanso nd, mb, dz ndi bw anazionapo kale mkalasi. Ngati anu sanafike pamenepo musawakakamize, ndifotokoza pansipa chochita.

Mbuzi ya Tadala

Tadala ali ndi mbuzi.
Mbuzi ya Tadala ndi yoyera.
Lolemba mbuzi inasowa.
Tadala anapita ku dimba.
Mbuzi kulibe.
Tadala anapita ku dambo.
Mbuzi kulibe.
Tadala anapita ku doko.
Mbuzi iliko!
Mbuzi inafuna madzi.
Pafupi panali ng'ona.
Tadala anaona ng'ona.
Mbuzi sinaone ng'ona.
Tadala anaima patali.
Tadala anaitana agogo.
"Agogo! Agogo! Ng'ona!"
Agogo anabwera ndi bwato.
Agogo anagogoda bwato.
Go! Go! Go!
Ng'ona inamira.
Agogo anakoka mbuzi.
Mbuzi inabwera ku mudzi.
Madzulo Tadala anaika madzi mu ndowa.
Mbuzi inamwa madzi.
Ku doko? Ayi!

Mukawerenga mawu onse kuchotsa mutu mupeza 82, koma mawu osiyana alipo 40 okha, chifukwa mbuzi yabwera ka 11, Tadala ka 9, ng'ona ka 5. Chiganizo chachitali kwambiri ndi cha madzulo chija, chili ndi mawu 6, zina zonse ndi zosapitirira 5. Kuwerengera kumeneku muzichita ndithu pa nkhani iliyonse yomwe mwalemba, sikufuna kompyuta, mungolemba mawu aliwonse atsopano pamzere wake mukope nkumaika kamzere pambali nthawi iliyonse akabweranso.

Tsono onani zomwe ndazipewa, chifukwa ntchito yaikulu ili pamenepo. Nkhani ngati iyi munthu wamkulu akamaikamba pakamwa anganene kuti mwana anapita ku khola, kenako kumtsinje, agogo anamenya madzi ndi nkhafi, ng'ona inathawa. Zonsezo ndi Chichewa chabwino koma khola labweretsa kh, mtsinje tanena kale, anamenya wabweretsa ny, nkhafi wabweretsa nkh, inathawa wabweretsa th, nde m'mizere inayi yokha mwana wakumana ndi zachilendo zopitirira zisanu ndipo aima. Ine ndinasaka mawu ena onena chinthu chofanana kapena choyandikira koma okhala mkati mwa mpanda uja, doko m'malo mwa mtsinje, anagogoda m'malo mwa anamenya, inamira m'malo mwa inathawa. Zachilendo ndalola ziwiri zokha, ng' wa ng'ona ndi mw wa inamwa. Ng'onayo ndi mwini nkhani nde sitingamuchotse, ndipo ndamubweretsa ka 5 dala kuti pofika kumapeto maso a mwana akhale atamuzolowera. Inamwa ndamusiya chifukwa palibe mawu ena achibadwa onena zimenezo, ndipo kupotoza chiganizo mpaka chisamveke ngati Chichewa pofuna kuthawa lembo limodzi ndi kulakwira mwana, iye amawerenga bwino zomwe khutu lake likuyembekezera.

Malo achiwiri pomwe mawu amachulukira mobisala ndi pa aneni, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Inu mukalemba anapita, akupita, adzapita, atapita, sanapite, anapitanso, mumaona ngati ndi mawu amodzi chifukwa tsinde lake ndi limodzi, koma kwa mwana wa sitandade 2 amenewo ndi mawu 6 osiyana, aliwonse ayenera kuwaphwanya kuyambira pachiyambi. Nde sankhani nthawi imodzi muikakamire. Mu kankhani aka nditatha mizere iwiri yoyambirira yodziwitsa Tadala ndi mbuzi yake, zochitika zonse zili mu na, anapita, anaona, anaima, inasowa, inafuna, inamira, zotsala ndi timawu tofuula tija, kulibe ndi iliko. Ndasankha na osati da chifukwa ndi yomwe ana akumva tsiku ndi tsiku kumwera kuno, koma ngati buku lawo la mkalasi likulemba adapita inu tsatirani buku, chachikulu musasakanize ziwirizi mu nkhani imodzi. Kukana ndakuika kamodzi kokha, sinaone, ndipo ndakuika pompo pansi pa anaona kuti mwana aone kusiyana kwake ndi maso.

Ochita zinthu mu nkhaniyi nawonso sanabwere mwangozi. Tadala ndi agogo onse amayamba ndi ana, ulemu wa agogo sukusintha kanthu papepala. Mbuzi ndi ng'ona zonse zimayamba ndi ina. Ndiye kuti mwana akungosinthana ndi mitu iwiri basi, ana ndi ina, nkhani yonse. Ndikanaikamo chiwala ndi kamwana ka mbuzi, bwenzi tili ndi china, kana, zina, ndipo chiganizo chilichonse chikanayamba ndi nkhope yatsopano. Muonenso kuti bwato sindinalole kuti lichite kanthu palokha, chifukwa ena amati bwato linabwera ena amati bwato unabwera, ndipo mkangano umenewo si wa mwana woyamba kuwerenga, agogo angobwera nalo basi.

Koma aphunzitsi, pochepetsa zonsezi musaphe nkhani. Ndaonapo timapepala tambiri tolembedwa kuti Uyu ndi Tadala, Tadala ali ndi buku, buku ndi labwino, kenako basi, palibe chasowa palibe choopsa palibe chofunsa kuti kenako chinachitika nchiyani, mwana amawerenga kamodzi osafunanso. Nkhani olo ikhale ya mawu 80 iyenera kukhala ndi vuto, kuyesa kulithetsa, ndi mathero. Apa vuto labwera pamzere wachitatu, kusaka kwachitika katatu ndi chiganizo chomwechomwecho chongosintha mawu amodzi, ndipo kubwereza kuja kwa Mbuzi kulibe kuli ngati mmene timavomerera nthano usiku, ana onse amalowapo limodzi olo amene akutsalira. Pomwe akuganiza kuti nkhani yatha mbuzi yapezeka mpomwe ng'ona ikutulukira. Ndinasamalanso kuti Tadala asathamangire kumadzi kukapulumutsa mbuzi yekha, waima patali nkuitana wamkulu, chifukwa ana a m'mbali mwa Shire ndi Ruo ng'ona si ya m'nthano kwa iwo, ndipo sindingafune kuti kankhani kathu kawaphunzitse kulimba mtima kolakwika.

Chofooka cha kankhani aka muchidziwenso, pa mawu 40 aja, 28 abwera kamodzi kokha. Nkhani imodzi yaifupi chonchi siingabwereze chilichonse, nde mankhwala ake ndi nkhani yachiwiri ndi yachitatu zogwiritsa mawu omwewa, muonjezerepo atsopano 5 kapena 6 okha pa nkhani iliyonse. Mwachitsanzo yachiwiri ikhale ya ng'ombe ya agogo yomwe yalowa mu dimba, pamenepo dimba, anaona, anaitana, anakoka, madzulo zonse zibweranso, ndipo ng' yemwe anamuphunzira pa ng'ona amupezanso pa ng'ombe. Yachitatu mulowetse ngolo, kuti aone ng wopanda kachizindikiro kaja ali pafupi ndi ng'ombe, koma musaziike zonse ziwiri tsiku loyamba.

Tibwere ku matanthauzo a mawu. Musatanthauzire mawu onse 40, mwana sangawerenge mndandanda wautali kuposa nkhani yomwe. Sankhani osapitirira 8 kapena 9, ndipo tanthauzo likhale lophweka kuposa mawu omwe likutanthauzira, apo ayi mwangomupatsa mwana katundu wachiwiri. Ine ndingalembe chonchi:

dimba (di-mba): munda wa pafupi ndi madzi
dambo (da-mbo): malo a udzu ndi madzi
doko (do-ko): malo oimika bwato
bwato (bwa-to): anthu amakwera poyenda pa madzi
ng'ona (ng'o-na): nyama yoluma ya mu madzi
ndowa (ndo-wa): timatungira madzi
inasowa (i-na-so-wa): sinaoneke
anagogoda (a-na-go-go-da): anamenya bwato, go go go
inamira (i-na-mi-ra): inabisala mu madzi

Muona kuti aneni ndawalemba mmene aonekera mu nkhani, inasowa osati kusowa. Dikishonale ya akuluakulu imalemba kusowa, koma mwana akakakamira pa inasowa nkupita kumapeto kwa pepala akusaka chomwe chikuyamba ndi i, akapeza ku saazindikira kuti ndi chinthu chomwecho. Ndawaikanso mayina kaye kenako aneni, mutha kuwaika motsatira mmene akubwerera mu nkhani, zonse zili bwino, za ndondomeko ya alifabeti zisiyeni kaye mpaka sitandade 3 kapena 4. Tanthauzo likhale limodzi lokha, lomwe likugwira ntchito mu nkhaniyi. Kusowa kumatanthauzanso kusakhala ndi chinthu, ngati kusowa ndalama, koma zimenezo sizikufunika pano. Pa inamira samalani kwenikweni, ana a kuno akamva kumira amaganiza za munthu kapena chiweto chofa ndi madzi, makamaka omwe anaona madzi osefukira a 2015 kapena a Freddy mu 2023, nde wina akuuzani kuti ng'ona inafa. Nchifukwa chake ndalemba kuti inabisala mu madzi, ndipo pokambirana muwafunse ngati ng'onayo ikadalipo, ayankhe okha kuti eya ilipo, nchifukwa chake mbuzi ikumwera ku mudzi.

Poti ana anu ndi a Chisena kunyumba, kumanja kwa tanthauzo lililonse siyani malo opanda kanthu, ndipo tsiku lowerenga muwafunse kuti kwanu mumati chiyani, inu muzilemba zomwe akunenazo iwo akuona. Pa bwato ambiri akuuzani mwadiya, mawu ena akuuzani kuti ndi chimodzimodzi, ndipo zimenezo zikuthandizani kudziwa mawu oti muwachotse pa mndandanda ulendo wina chifukwa sakufunika kutanthauzira. Kwa ana amenewa mawu ngati ng'ona ndi doko ali pa mndandanda chifukwa cha kalembedwe kake, osati tanthauzo, chinthucho akuchidziwa kuposa mwana wa ku Lilongwe. Oopsa ndi mawu omveka chimodzimodzi m'ziyankhulo ziwirizi koma otanthauza zosiyana, ngati kulonga, komwe ku Chisena ndi kuyankhula pomwe ku Chichewa ndi kuika katundu m'thumba kapena m'dengu. Mukalemba kuti amayi analonga mbatata mwana awerenga bwinobwino osaphonya lembo koma m'mutu mwake muli chithunzi china. Mawu otere mu nkhani zoyambirira apeweni, ndipo njira yowagwirira ndi kuwerengera nkhani yanu mayi mmodzi kapena agogo a pamudzipo musanaipereke kwa ana, akuuzeni zomwe amva.

Mukamaliza kulemba yesani kaye pa ana atatu, wina wochita bwino, wina wapakati, wina wotsalira, aliyense payekha pansi pa mtengo osati pamaso pa anzake. Inu mukhale ndi kope lanu la nkhaniyo, mwana akaphonya mawu kapena akaima mpaka mwamuuza, muzichonga pamwamba pa mawuwo. Muyeso womwe aphunzitsi owerengetsa amagwiritsa ntchito ndi wakuti mwana akamaphonya mawu opitirira amodzi pa mawu 10 aliwonse ndiye kuti nkhaniyo yamukulira, nde pa mawu 82 awa akaphonya kupitirira ka 8 musamukakamize. Wapakati uja ndi amene akuuzeni zoona za nkhani yanu. Akadutsa ndi zophonya 3 kapena 4 nkhani ili bwino, akagwa ndiye kuti vuto ndi pepala osati mwana.

Ndipo musangowerenga nambala ya zophonya, onani mtundu wake chifukwa uliwonse ukunena chinthu china. Mwana akawerenga ngona m'malo mwa ng'ona ndiye kuti kachizindikiro kaja sakukaona ngati mbali ya lembo, mutengeni pambali mutchule naye ng'oma, ng'ombe, ng'ona kenako ngozi, ngolo, amve kusiyana ndi khutu asanaone ndi maso. Akawerenga anona m'malo mwa anaona, kapena anima m'malo mwa anaima, ndiye kuti malembo a liwu awiri oyandikana akumuvuta, muombe naye m'manja a-na-o-na kanayi, ndipo mu nkhani yanu musalembe anaima pena, anayima pena, sankhani kalembedwe kamodzi. Akasokoneza dimba ndi dambo, kapena kunena bimba, ndi b ndi d zomwe zikumutembenukira, kapena akungoyang'ana lembo loyamba nkulota zotsala. Akafika pa inabwera nkunena anabwera, ameneyo waona bwera nkukumbukira mzere wa agogo, sakuwerenga mutu wa mawu, mubisireni tsinde ndi chala awerenge ina kaye. Ngati ana onse atatu aima pa mawu amodzimodzi, mawuwo achotseni kapena muwaphunzitse nkhani isanayambe.

Palinso mwana wina amene amakusangalatsani zabodza, wowerenga mothamanga osaphonya kanthu tsiku lachitatu, kumachita kuyang'ana kumwamba. Ameneyo waloweza, ndipo nkhani yobwerezabwereza ngati iyi imalowezeka msanga, ndi mtengo womwe timalipira pa kubwereza kuja. Mumugwira podula katoni timakadi, kadi iliyonse mawu amodzi, doko, patali, anakoka, madzulo, nkumuonetsa mosakaniza, kapena mumuuze ayambire mzere womaliza kukwera m'mwamba. Muthanso kupanga ziganizo zatsopano ndi makadi omwewo, Agogo anapita ku dimba, Tadala anaona bwato, Ng'ona inafuna mbuzi, palibe mawu achilendo koma palibenso choloweza. Kenako mafunso awiri kapena atatu a pakamwa, loyamba loti yankho lili papepala ngati mbuzi inapezeka kuti, lina loti aganize ngati nchifukwa chiyani Tadala anaima patali. Mwana akayankha m'Chisena mulandireni, chomwe mukuyesa pamenepo ndi ngati wamva nkhani.

Kwa ana omwe mb ndi dz sanazifike, musataye nkhaniyi, ingoitsitsani. Mbuzi isanduke galu, yemwenso amayamba ndi ana ngati Tadala nde mitu ya aneni ichepanso, musiye mizere 8 kapena 10 yokha, Galu anasowa, Tadala anapita ku doko, Galu aliko, ndipo ng'ona muinene ndi pakamwa ndi chithunzi iwo azingowerenga zomwe angathe. Akazolowera mubweretse ya mbuzi ija.

Za kalembedwe papepala ndi zochepa koma zimasintha zinthu. Chiganizo chimodzi mzere umodzi, osadula mawu kumapeto kwa mzere, malembo aakulu ngati chala chanu chachikulu ngati ana akuwerengera limodzi, ndipo a wanu ndi g wanu akhale ofanana ndi omwe aphunzitsi awo amalemba pabolodi. Kumbuyo kwa kalendala yakale kapena katoni yotambasula zimakwana. Mukafuna kabuku pindani mapepala awiri pakati mupeza masamba 8, loyamba mutu, lomaliza matanthauzo a mawu, apakati 6 aja mugawe mizere isanu isanu pa awiri oyamba, inayi inayi pa atatu otsatira, lotsalalo likhala ndi itatu. Mzere wa Mbuzi inafuna madzi ukhale kumunsi kwa tsamba ndipo Pafupi panali ng'ona akaupeze atatembenuza. Chithunzi musajambule chonena zonse, pa tsamba la dimba jambulani dimba lokha ndi Tadala, kuti zoti mbuzi kulibe azipeze m'malembo. Ndi chinyezi ndi kutentha kwa kuno inki ya maka imafufutika msanga, nde kope lenileni lolembedwa ndi bolopeni mulisunge mu jumbo kunyumba, ana azigwira lokopera.